Kalata ya akauntanti kwa mayi wogulitsa nsapato: ndalama zimene mwini geni watapa zilembedwe pati?

Nachisale

Moni nonse. Ndabwera ndi kalata imene akauntanti wina analembera mayi wogulitsa nsapato pamsika. Onse awiri avomera kuti ndiiike pano, ndipo maina ndachotsa. Mayiwa anapereka kabuku kawo ka mwezi umodzi kakusonyeza kuti aluza 40,000, moti ankaganiza zochotsa mnyamata wowathandiza pabenchi. Yankho limene analandira ndi ili:

"Okondedwa mayi,

Kabuku kanu ndakawerenga tsamba ndi tsamba, ndipo ndiyambe n'kunena kuti mnyamata uja musamuchotse. Geni yanu sinaluze. Mwezi wathawu yapindula 150,000. Chimene chachitika n'chakuti inuyo mwatapamo ndalama ndi katundu zokwana 190,000, ndiye kuti mwapyola phindu ndi 40,000, ndipo 40,000 imeneyo yachoka pa mpamba wanu.

Tiyeni tiyende nawo limodzi manambalawa. Mwezi ukuyamba munali ndi nsapato za 600,000 pa mtengo woodera, ndi ndalama 150,000 m'manja. Mpamba wanu unali 750,000. M'kati mwa mwezi munaoda nsapato za 620,000, n'kugulitsa za 900,000. Tsiku lomaliza munawerenga katundu n'kupeza za 560,000. Koma pali nsapato za 20,000 zimene munatengera ana kunyumba, ndipo zimenezo sizinagulitsidwe, choncho ndazichotsa pa katundu woodedwa. Nsapato zimene zinapitadi kwa makasitomala zinakudyerani 640,000. Tikachotsa zimenezi pa 900,000 patsala 260,000.

Tsopano zimene geni inalipira kuti iyende: lendi ya benchi 30,000, mayendedwe okaoda katundu 25,000, malipiro a mnyamata 40,000, chiphaso cha msika 9,000, ndi 6,000 ya foni. Zonse pamodzi 110,000. Mukachotsa pa 260,000, phindu ndi 150,000.

M'kabuku kanu, pakati pa zimenezi, munalembanso fizi ya ana 90,000, zogula zapakhomo 76,000 ndi 4,000 yotsala ya foni. Zonsezi ndazisamutsira pa tsamba lina limene ndalitcha kuti zotapa mwini, pamodzi ndi nsapato za ana zija. Chifukwa chake n'chakuti ndalama imatchedwa yoyendetsera geni ngati yatuluka n'cholinga choti geniyo ipeze ndalama. Mukapanda kulipira lendi, benchi akulandani. Mukapanda kulipira fizi, benchi ikhalapobe ndipo nsapato zigulidwabe. Fizi ndi yofunika kwambiri, ndipo sindikunena kuti munalakwa kulipira. Kungoti imeneyo ndi ntchito imene inu mwagwiritsa phindu lanu, pamene lendi ndi mtengo wopezera phindulo.

Mwina mukudabwa kuti bwanji simunaone kuti mpamba ukutsika. Ndalama za m'manja zinatha mwezi zili 150,000, chimodzimodzi mmene zinayambira. Kutsikako kunabisala m'katundu, amene anachoka pa 600,000 kufika pa 560,000. Mpamba wanu lero ndi 710,000.

Pempho langa ndi loti mugawe kabuku pawiri, ndipo mudziikire ndalama imodzi yokhazikika yotapa sabata iliyonse, yosapyola phindu.

Ndine wanu pa ntchitoyi."

Ine ndaiona kuti yalunjika, koma ndikufuna maganizo anu, makamaka inu ochita malonda.

Mbewe_Zachitsulo

Masamu ali bwino koma mfundoyo sindikugwirizana nayo yonse. Mayiwa amakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mnyamata akalipidwa 40,000 tikuti ndi ndalama yoyendetsera geni, koma mwini wake amene amagwira ntchito yaikulu kuposa mnyamatayo akatapa tikuti ayi. Thukuta la mwini ndi laulere kodi? Kwa ine geni imene singathe kulipira mwini wake ndiye kuti ikuluza, kaya buku linene zotani.

Gondwe

A Mbewe, mwakhudza chinthu chenicheni, koma mwaphatikiza mafunso awiri. Loyamba ndi loti geni yapindula zingati. Lachiwiri ndi loti phindulo likukwanira kulipira nthawi ya mwini wake kapena ayi. Buku limayankha loyamba, ndipo lachiwiri mumaliyankha pambali, mutalipeza kale loyambalo.

Mnyamata ndi munthu wina. Anagwirizana ndi mayiwa za malipiro, ndipo kaya malonda ayenda kaya sanayende 40,000 yake ayenera kulandira. Mayiwa sangadzilembe okha ntchito, chifukwa pamaso pa lamulo munthu wochita geni payekha, wosalembetsa kampani, iye ndi geniyo ndi munthu mmodzi. Malipiro awo ndi phindu lonselo, 150,000, kaya alitapa kaya alisiya momwemo.

Onani chimene chingachitike titalola kuti zotapa zizilowa m'gulu la zoyendetsera geni. Tiyerekeze kuti mwezi womwewo, malonda omwewo, kunalibe fizi. Kabuku ka mayiwa kakanasonyeza phindu la 50,000 m'malo mwa kuluza 40,000. Nsapato zogulitsidwa n'zomwezo, lendi yomweyo, mnyamata yemweyo, koma yankho lasintha ndi 90,000 chifukwa cha sukulu yokha. Nambala yoteroyo ikukuuzani za kunyumba, za pabenchi sikukuuzani kanthu. Simungaigwiritse ntchito poyerekeza mwezi uno ndi watha, kapena poona ngati mitengo yanu ili bwino.

Funso lanu lachiwirilo liyankhidwe chonchi. Fufuzani kuti munthu wodalirika woti n'kuyendetsa benchi yonse, kuoda ndi kugulitsa komwe, angafune malipiro otani pamwezi. Tinene kuti 120,000. Chotsani pa 150,000, patsala 30,000. Imeneyo ndiyo imene mpamba wa 750,000 wabala, magawo 4 pa 100 aliwonse pamwezi. Kuwerengera kumeneku n'kothandiza kwambiri poika mitengo komanso poganiza zopitiriza geni kapena kuisiya. Koma kumachitikira pa pepala lapadera. 120,000 imeneyo silowa m'buku, chifukwa palibe amene anailandira ngati malipiro.

Mbewe_Zachitsulo

Apo ndamva. Komabe ndikanakonda akauntantiyo akanalembamo ndime imeneyi m'kalatamo. Anthu ambiri akauzidwa kuti apindula 150,000 amasangalala, osaona kuti gawo lalikulu ndi mtengo wa nthawi yawo.

Mayi Nambewe

Pepani, ine ndiye zandisokoneza. Ndiye kuti 190,000 imeneyi mayiwa ali nayo ngongole ku geni yawo yomwe? Ayenera kubweza? Chifukwa ngati ndi choncho, enafe ogulitsa ziwiya ngongole yake sitingaimalize.

Nachisale

Ayi mayi, si ngongole, ndipo palibe chobweza. Ndalamazo ndi zawo. Munthu wochita geni payekha ali ndi ufulu wotapa nthawi iliyonse, ngakhale kutapa zonse. Kalatayo ikunena za malo olembapo basi, ndi zotsatira zake pa mpamba. Zili ngati mtengo wa zipatso: kuthirira ndi zimene mumalipira kuti mupeze zipatso, kuthyola zipatso ndi kutapa phindu, ndipo mukathyola n'kupitirira kudula nthambi, chaka chamawa zibala zochepa. 150,000 inali zipatso, 40,000 inali nthambi.

Lamulo lake pomaliza mwezi ndi ili:

mpamba wotsiriza = mpamba woyambira + ndalama zimene mwini wawonjezera + phindu − zotapa mwini

Kwa mayiwa: 750,000 + 0 + 150,000 − 190,000 = 710,000. Mukawerenga zimene zilipodi, nsapato za 560,000 ndi ndalama 150,000, mupeza 710,000 yomweyo. Mbali ziwirizi zikasiyana, dziwani kuti pali china chimene sichinalembedwe, ndipo nthawi zambiri chimakhala ndalama zing'onozing'ono zimene dzanja linatenga m'chikwama cha geni tsiku lotanganidwa.

Kachingwe

Kuwonjezera pa funso la mayi Nambewe: pali pamene imakhaladi ngongole, pamene bizinesi yalembetsedwa ngati kampani yoima payokha pamaso pa lamulo. Pamenepo ndalama ndi za kampani, si za mwini. Mwini akhoza kulembedwa ntchito ndi kampani yake, n'kumalandira malipiro odulidwa msonkho monga wantchito aliyense, ndipo malipiro amenewo amachotsedwadi posaka phindu. Akhozanso kulandira gawo la phindu monga mwini masheya, koma limenelo silichotsedwa posaka phindu, chifukwa ndi kugawa phindu limene lapezeka kale. Akangotenga ndalama popanda njira ziwirizi, zimalembedwa ngati ngongole imene iye ali nayo ku kampani. Ndiye a Mbewe akanakhala olondola tikanakhala tikunena za kampani. Kungolembetsa dzina la geni sikusandutsa geniyo kukhala kampani, ndipo ambiri amasokonezeka pamenepa. Onani chikalata chanu kuti chikunena chiyani.

Tembo wa Zovala

Funso langa lili pa nsapato za ana zija. Bwanji azilemba pa 20,000, mtengo woodera? Zikanagulitsidwa zikanabweretsa pafupifupi 28,000. Geni yataya 28,000, si 20,000.

Gondwe

M'buku timalemba mtengo woodera chifukwa malonda sanachitike, ndipo phindu limalembedwa pokhapokha katundu wagulitsidwa kwa munthu wina. Mukalemba 28,000 ndiye kuti mwadzipangira phindu la 8,000 podzigulitsa nokha katundu wanu. Njira yake ndi yosavuta: chotsani 20,000 pa katundu woodedwa, muiike pa tsamba la zotapa, tsiku lomwelo, mutalemba kuti ndi nsapato ziti.

Mukaiwala kutero, vuto lake limabisala. Nsapatozo palibe pabenchi, ndiye powerenga katundu zimaoneka ngati zagulitsidwa koma osabweretsa ndalama. Katundu wogulitsidwa amaoneka ngati anadya 660,000 m'malo mwa 640,000, ndipo phindu la pa katundu limatsika kuchoka pa 260,000 kufika pa 240,000. Chizindikiro chake ndi chakuti gawo la phindu pa malonda limatsika pamene mitengo simunasinthe. Apa likanatsika kuchoka pafupifupi pa 29 kufika pafupifupi pa 27 pa 100 iliyonse. Mwini akaona zimenezo maganizo amathamangira kwa wantchito, kuti mwina akuba, pamene katunduyo ali kumapazi kwa ana ake.

Koma a Tembo simunaphonye kwenikweni. Pa nkhani ya msonkho maiko amasiyana. Ku Britain, mwachitsanzo, katundu amene wamalonda watenga kuti agwiritse ntchito yekha amawerengedwa pa mtengo umene akanagulitsira posaka phindu lodulapo msonkho. Choncho buku lanu likhoza kunena 20,000 pamene fomu ya msonkho ikufuna 28,000. Funsani lamulo la kumene muli musanadzaze fomu.

Tembo wa Zovala

Nanga chovala chimene chawonongeka, choti kasitomala sangagule pa mtengo wonse, n'kupita nacho kunyumba?

Gondwe

Ine ndingalembe mtengo wotsika pakati pa woodera ndi umene chikanagulidwa mmene chililimo. Chooderedwa 5,000 koma choti n'kugulidwa 2,000 yokha, zotapa ndi 2,000, ndipo 3,000 ndi kuluza kwa geni.

Kachingwe

Pamenepo ndikusiyana nanu pang'ono, a Gondwe. Masamu anu ndi olondola, koma amene akugamula kuti chovalacho chatsika kufika pa 2,000 ndi yemweyo amene akuchifuna. Kwa wamalonda wapamsika amene alibe womuyang'anira buku, ndi bwino alembe mtengo woodera nthawi zonse, pokhapokha ngati katunduyo anayamba wamuika pa mtengo wotsitsa pabenchi anthu n'kumuona. Kupanda kutero, chilichonse chimene mwini wachikonda chiziyamba kuoneka chowonongeka.

Mayi Nambewe

Zikomo, za ngongole zija mtima wakhala pansi. Nanga foni aigawa bwanji kuti 6,000 uku, 4,000 uku? Foni ndi imodzi.

Nachisale

Amayang'ana mndandanda wa mafoni oimbidwa ndi mauthenga kwa sabata imodzi kapena ziwiri zimene malonda anayenda mwa nthawi zonse, n'kuwerenga kuti angati anali a makasitomala ndi ogulitsa katundu, angati a kunyumba. Mwa mafoni 10 aliwonse, 6 akakhala a geni, ndiye kuti pa 10,000 ya mwezi, 6,000 ndi ya geni. Gawo limenelo mulisunge miyezi yonse, musamalisinthe poona mmene mwezi wayendera, ndipo mulembe kumapeto kwa kabuku mmene munalipezera kuti wina akadzafunsa mudzakhale ndi chosonyeza. Njinga kapena galimoto yogwira ntchito ziwiri imagawidwa chimodzimodzi, potengera maulendo. Chipinda cha kunyumba chosungiramo katundu chimagawidwa potengera kukula kwake poyerekeza ndi nyumba yonse.

Pali zina zimene anthu amaziika molakwika kawirikawiri. Msonkho umene mwini amalipira pa phindu lake ndi wake, ndiye ukalipidwa ndi ndalama za geni upite pa tsamba la zotapa. Chiphaso cha msika ndi laisensi ya malonda ndi za geni. Ngongole ya geni ili ndi mbali ziwiri: chiwongoladzanja ndi ndalama yoyendetsera geni, koma kubweza ndalama yeniyeni imene munakongola sikulowa pa zoyendetsera kapena pa zotapa, kumangochepetsa ngongoleyo. Ngati munakongola m'dzina la geni koma ndalamazo zinakagwira ntchito kunyumba, ndalamazo ndi chiwongoladzanja chake zonse ndi zotapa.

Zimba

Ine ndifunse mosabisa. Ngati kulemba fizi ndi zapakhomo pakati pa zoyendetsera geni kukuchititsa kuti buku lisonyeze kuluza, si ndiye kuti msonkho uchepa? Akauntantiyu sakuwapweteka mayiwa powakwezera phindu?

Kachingwe

Achimwene, njira imeneyo ndi yoopsa. Kumene msonkho umadulidwa pa phindu, lamulo limalola kuchotsa zokhazo zimene zinatuluka pofuna kupeza ndalama za geniyo. Za pakhomo siziloledwa. Oyendera mabuku akapeza fizi pakati pa lendi ndi mayendedwe amaibwezera pa phindu, n'kulipiritsa msonkho umene unatsala, nthawi zambiri pamodzi ndi chindapusa ndi chiwongoladzanja. Kupeza kwake sikuvutanso. Risiti ya sukulu imadzinena yokha, ndipo geni imene ikuti ikuluza chaka ndi chaka pamene mwini wake akudyetsa banja lonse popanda ntchito ina imadzutsa mafunso.

Mbali inanso, buku lomwelo ndi limene mudzapite nalo kwa obwereketsa ndalama. Akaona kuluza 40,000 sangakupatseni kanthu. Akaona phindu la 150,000 ndi zotapa 190,000 zolembedwa poyera, amadziwa kuti geni ili moyo, ndipo chokambirana chimakhala choti mungachepetse bwanji zotapa kuti ngongole izibwezedwa.

Mbewe_Zachitsulo

Ndibwerere pa malangizo omaliza a m'kalatamo, akuti kutapa kusapyole phindu. Ine ndikuona kuti malirewo ndi omasuka kwambiri. Mitengo yoodera ikakwera ndi magawo 10 pa 100, nsapato zimene zinali za 600,000 zidzafuna 660,000 kuti benchi idzaze mmene inalili. Mayiwa akatapa phindu lonse, buku lidzanena kuti mpamba sunasinthe, koma mapeyala pabenchi adzakhala akuchepa. Awerengenso mapeyala, osati ndalama zokha.

Gondwe

Pamenepa ndiye mwalasa, a Mbewe. Ndipo pali chinanso: phindu silikhala lonse m'manja. Ngati nsapato zina zatengedwa pangongole, phindu lake lalembedwa koma ndalama sinafike. Mwini akatapa potengera nambala ya m'buku amapezeka alibe yokaodera.

Mmene ndingawalangizire mayiwa ndi motere. Atenge phindu la miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yapitayi, lowerengedwa m'njira ya m'kalatayi, apeze la pakatikati. Likakhala 150,000, asiye gawo lina m'geni, tinene 30,000, ndipo 120,000 yotsalayo aigawe m'masabata. Pakufunika kusamala apa, chifukwa chaka chili ndi masabata 52, osati 48. Kutapa 30,000 sabata iliyonse kumakwana 1,560,000 pachaka, pamene 120,000 pamwezi ndi 1,440,000. Ndalama yoyenera pasabata ndi pafupifupi 27,500. Aitape tsiku limodzi lokhazikika, ailembe, aiike m'chikwama china kapena pa akaunti ina, ndipo zonse zapakhomo zizichokera mmenemo. Fizi, poti imabwera yambiri nthawi imodzi, aziipatulira pang'onopang'ono kuchokera pa ndalama yapasabatayo, kuti mwezi wotsegulira sukulu usamagwere katundu.

Zimba

30,000 yosiyayo mwaitenga pati? Bwanji osati 15,000 kapena 50,000?

Gondwe

Palibe nambala imodzi yokwanira aliyense. Zimatengera mmene mitengo yoodera ikukwerera, kuchuluka kwa katundu amene amakhalitsa osagulidwa, ndiponso ngati pali ngongole yobweza. Kwa mayiwa ndasankha 30,000 poganiza kuti pali dzenje la 40,000 loyenera kukwirira kaye, ndipo litenga miyezi iwiri.

Nachisale

Ine ndikanayamba ndi kusiya yocheperapo m'geni. Zofunika pakhomo pa mayiwa zinakwana 190,000 mwezi umenewu, ndipo mukawatsitsa kamodzin'kamodzi kufika pa 120,000, dzanja libwereranso m'chikwama cha geni mobisa, osalemba. Kutapa kochuluka koma kolembedwa kuli bwino kusiyana ndi kochepa kwa papepala chabe. Tiyeneranso kuona miyezi yopanda fizi, chifukwa tikachotsa 90,000 ija zotapa zawo ndi 100,000 yokha, ndiye mwina pa miyezi itatu sakupyola n'komwe phindu. Mwezi umodzi sungatiuze zimenezo.

Mayi Nambewe

Lomaliza kwa ine. Mwana wanga wamkulu amandithandiza pabenchi Loweruka ndipo ndimamupatsa kangachepe. Ndilembe kuti?

Kachingwe

Mayi, ngati akugwiradi ntchito, ndipo ndalamayo ikufanana ndi imene mukanalipira munthu wapadera pa ntchito yomweyo, ndi malipiro, ndipo ilowe pa zoyendetsera geni. Muzilemba masiku amene wagwira, ndalama imene walandira, iye n'kusainira. Ngati mumamupatsa chifukwa ndi mwana wanu, kaya wabwera pabenchi kaya sanabwere, ndi zotapa. Ikakhala yopyola malipiro oyenera, igaweni: gawo loyenera ntchitoyo ku geni, lapamwambalo ku zotapa. Muonenso zimene lamulo la kwanu likunena pa msinkhu wa munthu woyenera kulembedwa ntchito.

Tembo wa Zovala

Mayi Nachisale, mukapeza manambala a miyezi iwiri yam'mbuyoyo, mayiwa atavomera, mutiikire pano. Ndikufuna tione ngati katundu anayamba kale kutsika kapena ndi mwezi wa fizi wokhawu.